Zungulirani Minibasi Munthu Woyamba Asanakwere

Pa siteji ya minibasi, nthawi yoti anthu aime n'kumvera munthu akulankhula ndi yochepa kwambiri. Imayamba pamene madalaivala aimika magalimoto pamzere m'mamawa, n'kutha woitanira woyamba akangotsegula kukamwa. Kaya ndi ku Limbe, ku Mibawa, ku depoti ya Lilongwe kapena ku Mzuzu, anthu akangoyamba kukwera palibenso amene ali ndi khutu, poti maganizo onse apita pa tageti ya abwana ndi mtengo wa mafuta. Choncho wapampando wa siteji, makaniko, kapena dalaivala wamkulu amene akufuna kulankhula ndi anzake za matayala ali ndi mphindi khumi basi, ndipo akazithera pa malonje ndi kuyamika, wataya mwayi.

Ine ndimaona kuti nkhani yotereyi siyenera kukambidwa anthu atakhala pa benchi. Iyenera kukambidwa pambali pa minibasi yeniyeni, makamaka imene ili kumapeto kwa mzere, anthu ataima mozungulira, wolankhulayo atanyamula geji yoyezera mpweya m'manja. Chimene akuphunzitsa ndi ulendo waufupi: kuchoka pa chitseko cha dalaivala, kuzungulira galimoto yonse, n'kubwerera pa chitseko chomwecho. Munthu akazolowera, ulendowu sudutsa mphindi zitatu kapena zinayi. Pa tayala lililonse pali zoyang'ana zochepa, koma sizilemera mofanana, ndipo cholemera kuposa zonse ndi mpweya.

Funso loyamba kwa omverawo likhale losavuta: akuluakulu, mumadziwa bwanji kuti tayala lili ndi mpweya wokwanira? Yankho lodziwika pa siteji iliyonse ndi kulimenya ndi phazi, kapena kuligogoda ndi sipanala n'kumvera kulira kwake. Apa wolankhula asatsutse ndi pakamwa. Auze dalaivala mmodzi amenye matayala awiri akumbuyo, anene ngati ali bwino, kenako aike geji pa valavu onse akuona. Tayala la minibasi lili ndi khoma lolimba, ndipo galimoto ikakhala yopanda anthu, tayala limene lataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wake limaoneka lathunthu ndithu, phazi nalo limabwerera ngati pa tayala labwino. Phazi limangodziwa kusiyanitsa tayala laphweratu ndi losaphwa. Zapakatizi, zimene ndi zoopsazo, silizimva.

Kuti tione chifukwa chake zapakatizo zili zoopsa, titenge minibasi imodzi n'kuiwerengera. Tinene kuti ndi Toyota HiAce yakale, yovala matayala olembedwa 195R14C 106/104 pakhoma pake. Chilembo C chikutanthauza kuti tayalalo linapangidwira galimoto yonyamula katundu kapena anthu ambiri, ndipo matayala ochokera ku Japan nthawi zambiri amalemba LT m'malo mwake. Nambala 106 ndi chizindikiro cha kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, ndipo 106 imaimira makilogalamu 950. Nambala yachiwiriyo ndi ya magalimoto oika matayala awiriawiri kumbuyo, choncho ife sitikuifuna. Koma pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Makilogalamu 950 amenewo tayala limawasenza pokhapokha likakhala ndi mpweya wokwana 4.5 bar, umene pa mageji ena umawerengeka 65 psi kapena 450 kPa. Chimene chimanyamula galimoto ndi mpweya, tayala ndi thumba lake chabe. Mpweya ukatsika, mphamvu yonyamula imatsika nawo.

Tsopano tikweze anthu. Minibasi yotereyi ikakhala yopanda kanthu imalemera pafupifupi matani awiri. Anthu 15, aliyense tikamuwerengera makilogalamu 70, akuwonjezera makilogalamu oposa 1,000. Ikani matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 kuseri kwa mpando womaliza, ndi ena 200 amenewo, ndipo onse akhala kumbuyo kwenikweni. Tafika pa matani atatu ndi kupitirira. Kulemeraku sikugawikana mofanana, kochuluka kumagwera kumbuyo, moti tayala lililonse lakumbuyo lingakhale likusenza makilogalamu 850 kapena 900. Ngati mpweya uli pa 4.5 bar, tayala likukwanitsa, ngakhale malire ali pafupi. Koma ngati geji yasonyeza 3 bar, tayala lomwelo mphamvu yake yatsikira cha m'ma 700. Ndiye kuti galimoto isanachoke n'komwe pa siteji, tayalalo lasenzetsedwa kale makilogalamu 150 kapena 200 oposa mphamvu yake, pamene palibe wapolisi amene anganene kuti mwapyola chiwerengero cha anthu.

Nanga 3 bar ameneyo amachokera kuti? Nthawi zina ndi msomali umene ukutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Nthawi zina ndi kungoiwala, poti tayala lililonse, ngakhale latsopano, limataya kampweya pang'ono mwezi ndi mwezi. Koma nthawi zambiri amachokera kwa wopopa. Mnyamata wa pamalo omwetsera mafuta kapena wa kompulesa m'mbali mwa msewu anazolowera magalimoto ang'onoang'ono amene amafuna 2.2 kapena 2.5 bar, ndipo dalaivala akapanda kutchula nambala, iye amaika imene dzanja lake linazolowera, mwina n'kuwonjezerako pang'ono poona kuti ndi minibasi. Nambala yoyenera galimoto yanu inalembedwa ndi amene anaipanga pa kapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Ngakhale mawu ake atakhala a Chijapani, manambala amawerengeka, ndipo mudzaona kuti ya kumbuyo imakhala yaikulu kuposa ya kutsogolo galimoto ikadzaza. Ngati kapepalako kanafufutika ndi penti, funsani makaniko wodziwa mtundu wa galimotoyo, ndipo nambalazo muzilembe ndi cholembera chosafufutika mkati mwa chitseko kuti ngakhale dalaivala wobwereka azione.

Chimene chimachitika pa msewu n'chosavuta kumvetsa. Tayala losowa mpweya limaphwanyika kwambiri pamene lagunda pansi, kenako n'kuwongoka likamakwera m'mwamba, ndipo pa liwiro la makilomita 80 pa ola limachita zimenezi koposa kakhumi pa sekondi iliyonse. Aliyense anapindapo waya uku ndi uku kuti auduke, ndipo akudziwa mmene umatenthera pa chala usanaduke. Ndi zomwezo zimene zimachitikira khoma la tayala. Kutenthako kumafooketsa mphira umene umagwira mawaya ndi ulusi wa mkati, mpaka chikopa chakunja chimayamba kulekana ndi thupi la tayala. Pa maulendo afupiafupi a m'tauni, kuchoka ku Ndirande kupita m'tauni n'kubwerera, tayala limapeza mpata wozizira pa siteji, ndiye likhoza kupirira milungu ingapo. Tsiku limene mwapeza hayala ya ku Nsanje mu Okutobala, kapena mwasinthidwira pa msewu wa Zalewa, ndi limene limaphulika. Anthu amati laphulika mwadzidzidzi, komatu linayamba kuwonongeka kalekale, ndipo geji ikanaulula m'mawa uliwonse.

Pamenepa pamabuka mtsutso umene wolankhula ayenera kuuyembekezera. Pali madalaivala, ena akuluakulu ndithu pantchitoyi, amene amakhulupirira kuti nyengo yotentha tayala limaphulika chifukwa cha kuchuluka kwa mpweya, choncho akafika ku Chikwawa kapena ku Salima masana amatulutsako pang'ono. Maganizowa ali ndi poyambira pake. N'zoona kuti tayala likatentha geji imakwera, mwina ndi 0.3 kapena 0.4 bar. Koma opanga matayala anawerengera kale kukwera kumeneku pamene ankalemba nambala yawo, imene ndi ya tayala lozizira. Mukatulutsa mpweya pa tayala lotentha, mwaliwonjezera kupindika, litenthanso kuposa poyamba, ndipo mawa m'mawa likazizira mudzalipeza lili pansi kwambiri. N'chifukwa chake kuyeza kumachitika m'mawa galimoto isanayende, kapena itangoyenda kamtunda kochepa kuchoka kumene inagona kufika pa siteji. Masana geji ndi yongoonera ngati tayala lina likutsika kusiyana ndi anzake, osati yochepetsera.

Wina adzafunsa kuti, achimwene, kodi ndiye tizigwada pa matayala onse tsiku lililonse? Pa galimoto yapakhomo kamodzi pa mwezi pamakwana. Minibasi imayenda tsiku limodzi mtunda umene galimoto yapakhomo imayenda pa sabata kapena kuposa, ndipo imaima m'malo odzaza misomali, mawaya ndi zidutswa za mabotolo. Kuyeza matayala anayi kumatenga mphindi ziwiri. Phindu lalikulu la kuyeza tsiku ndi tsiku si nambala ya leroyo, koma kuifanizira ndi ya dzulo. Tayala limene dzulo linali pa 4.5 lero n'kukhala pa 4.1 pamene anzake sanasinthe lili ndi pothawira mpweya, ngakhale lisakuoneka. Pakani malovu pakamwa pa valavu. Akachita thovu, vuto ndi kamtima ka valavu, kamene mtengo wake ndi wochepa zedi. Akapanda kuchita thovu, funani msomali. Geji ya m'thumba siifuna kuti dalaivala aliyense agule yake, siteji ikhoza kusonkherana imodzi yabwino n'kumasungidwa ndi wapampando, bola isamagwe pansi kawirikawiri chifukwa imayamba kunama.

Msomali mukaupeza musauzule. Nthawi zambiri ndi womwewo umene ukutseka bowo, ndipo mukauchotsa pa siteji tayala liphwera pomwepo. Pitani nalo kwa omata matayala musanakweze anthu. Kumenekonso pali malire. Bowo laling'ono la pakati, pamene tayala limaponda pansi, limamateka bwino, makamaka akachotsa tayala pa limu n'kumata mkati, chifukwa potero amaonanso ngati mkatimo mwawonongeka. Bowo la pakhoma kapena paphewa la tayala silimateka mokhalitsa, poti malo amenewo amapindika nthawi zonse. Wokumatirani pamenepo wakugulitsani masiku ochepa chabe.

Tayala limene dalaivala saliona

Kwathu kuno timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja. Iye akamakwera m'mawa amaona tayala lakutsogolo la mbali yake, mwinanso lakumbuyo akamatsegula pothira mafuta kapena akamacheza ndi anzake. Matayala akumanzere akhoza kutha sabata osawayang'ana, chonsecho ndi amene amazunzika kuposa ena. Minibasi imapatuka kukatsitsa ndi kukweza anthu kambirimbiri pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse matayala akumanzere ndi amene amatsika pa phula n'kukweranso, pamene m'mphepete mwa misewu yathu yambiri ndi mokumbika, muli mano akuthwa. Ndi omwewo amene amakhula simenti ya m'mbali mwa ngalande m'tauni. Lakumbuyo kumanzere ndiye lili pamavuto awiri, poti limasenzanso katundu wochuluka. Ngati wolankhula watsala ndi mphindi zochepa, aziwonongere pa tayala limeneli, ndipo aitanenso kondakitala, chifukwa chitseko chake chili pomwepo ndipo amalidutsa tsiku lonse.

Pakhoma la tayala timafuna zinthu ziwiri, chotupa ndi bala. Chotupa chimaoneka ngati kachulu kotukuka pakhoma, nthawi zina kakang'ono moti maso amakalumpha koma chikhatho chimakamva. Chimabwera tayala likagunda dzenje kapena mwala mwamphamvu, khoma n'kupanikizika pakati pa limu ndi chinthucho, ulusi wa mkati n'kuduka. Pamalo amenewo chimene chatsala chogwira mpweya ndi mphira wokha. Chotupa sichiphwa, sichimateka, ndipo kuikamo chubu sikubwezeretsa ulusi umene unaduka. Tayala lotupa lichoke pa galimoto tsiku lomwelo, ndipo lisakakhalenso sipeya. Bala nalo tiliyang'ane kuya kwake. Kukalika kwa pamwamba kumene kwangochotsa zilembo kulibe kanthu, koma mukatsegula bala ndi chala n'kuona ulusi kapena waya, madzi alowa mmenemo, waya achita dzimbiri, tayala latha.

Vuto ndi loti tayala lili ndi makoma awiri, ndipo munthu woimirira amaona limodzi. Khoma la mkati, loyang'ana kunsi kwa galimoto, limatupanso chimodzimodzi, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amadziwa kutembenuzira chilema mkati. Kutsogolo n'kosavuta: pindani chiwongolero mpaka kumapeto, tayala lidzatulukira lokha n'kuonetsa mkati mwake. Kumbuyo palibe njira ina koma kugwada n'kupisa dzanja, kapena kuunika ndi tochi ya foni. Popisa dzanja pitani pang'onopang'ono, chifukwa tayala lotha kwambiri limatulutsa timawaya tolasa ngati singano. Kumbukiraninso kuti gawo limene laponda pansi silioneka, choncho mzere ukasuntha, galimoto n'kupita patsogolo pang'ono, ponyaninso diso.

Za mizere ya tayala madalaivala amazidziwa kuposa zina zonse, chifukwa ndi zimene apolisi apamsewu amayang'ana pa lodibuloko. Komabe ambiri amayeza ndi maso okha, pamene tayala lenilenilo lili ndi muyezo wake. Paphewa la tayala pali kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo TWI m'malo angapo. Mukatsata kachizindikiroko kulowa m'ngalande za tayala, mupeza kamlatho kamphira kotukuka mamilimita 1.6 kuchokera pansi pa ngalandeyo. Pamwamba pa tayala pakafanana ndi kamlathoko, ngakhale pa malo amodzi okha, tayala lafika pamapeto. Ntchito ya ngalandezo ndi kuthamangitsa madzi kuti mphira ugwire phula. N'chifukwa chake tayala losalala limapusitsa: mu Ogasiti limagwira msewu bwinobwino, dalaivala n'kumalikhulupirira, koma mvula yoyamba ya Novembala ikagwa pa phula lodzaza fumbi ndi mafuta, galimoto imangoyandama potsetsereka ngati pa Thyolo kapena pa Dedza, buleki osamva. Kwa minibasi yoyenda mtunda wautali m'dzinja, ine sindingadikire 1.6, ndingayambe kukambirana ndi abwana ngalande zikatsala mamilimita atatu.

Chosangalatsa kwambiri pa mizere si kuchepa kwake koma mmene ikuthera, chifukwa imanena za matenda a galimoto yonse. Tayala lodyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa, ndipo lodyeka pakati pokha linali ndi wochuluka. Likadyeka mbali imodzi yokha, makamaka ya mkati pa matayala akutsogolo, vuto lili pa alaimenti kapena pa mabushi ndi zolumikizira za chiwongolero zimene zatha. Likakhala ndi timaenje motsatizana kuzungulira tayala lonse, mashokapu afooka ndipo tayala likudumphadumpha pa msewu. Apa ndi pamene dalaivala angapulumutse ndalama za mwini galimoto. Kugula matayala atsopano osakonza chimene chinadya akalewo ndi kuwapereka kuti nawonso adyedwe, ndipo tayala lodyeka mkati limatha kufika pa waya kunja kukuonekabe kwatsopano.

Pali chinyengo china chimene chiyenera kutchulidwa poyera, ngakhale ena pa siteji achite manyazi. Ndi kusema ngalande zatsopano pa tayala lakutha ndi mpeni wotentha. Matayala ena a malole akuluakulu anapangidwa ndi mphira wowonjezera kuti azisemedwa, ndipo amalembedwa REGROOVABLE pakhoma. A minibasi alibe mphira umenewo, wosemayo amafika pafupi ndi waya kapena kumudula kumene. Mudzalizindikira poona kuti ngalande zake n'zokhotakhota mosafanana, ndipo timilatho ta muyezo tija mulibe.

Manati, kutentha, ndi zina zofulumira

Tayala likhoza kukhala langwiro koma n'kuchoka lonse ndi limu yake, kusiya galimoto ikukhula msewu. Izi siziyamba tsiku limodzi. Nati ikamasuka pang'ono, limu imayamba kugwedera, mabowo ake amakula, masitadi amatopa n'kuduka limodzilimodzi. Zizindikiro zimaoneka msanga kwa munthu amene akuzifuna. Werengani manati, onse akhalepo. Yang'anani timizere ta dzimbiri tochoka pa nati kulowera kunja kwa limu, kapena chitsulo chonyezimira mozungulira nati, kusonyeza kuti pakukhulana. Sitadi imodzi ikaduka, zotsalazo zimagawana ntchito yake ndipo zimatopa msanga, choncho mawu oti zinazo zigwira asamveke pa siteji. Nthawi yoopsa kwambiri ndi tsiku lotsatira mutasintha tayala. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, bwerezani kumanga manati onse modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo. Ndipo chizolowezi choika paipi yaitali pa sipanala, munthu n'kuimirirapo, chimakoka sitadi mpaka kuifooketsa. Kumanga kopitirira kumadula masitadi monga mmene kumanga kosakwana kumachitira.

Chinthu chimodzi sichingaonedwe m'mawa, ndicho kutentha. Mukamaliza ulendo woyamba, yandikizani kuseri kwa dzanja pa limu iliyonse, osagwira msanga. Akutsogolo amatentha kuposa akumbuyo chifukwa cha mabuleki, zimenezo n'zachibadwa. Chimene mukufuna ndi kusiyana kwa kumanja ndi kumanzere. Limu imodzi ikatentha kwambiri kuposa inzake ya mbali inayo, buleki ikugwira yokha kapena beringi ikutha, ndipo kutentha kumeneko kumalowa m'tayala.

Zina sizifuna kuonedwa tsiku lililonse, koma tsiku limene tayala lafika pa galimoto. Matayala ambiri a minibasi amagulidwa pa kaunjika, ndipo pamenepo maso amathamangira ku mizere, kuiwala zaka. Pakhoma pali mndandanda woyamba ndi zilembo DOT kapena kabokosi kozungulira, ndipo manambala anayi omaliza amanena tsiku lobadwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala likapitirira zaka zisanu liziyang'anidwa mosamala, ndipo likafika zaka khumi lichoke ngakhale mizere ikhalepo, chifukwa mphira umauma n'kuyamba timing'alu. Onaninso kuti pali C kapena LT. Tayala la galimoto yaing'ono likhoza kukwana pa limu yomweyo, koma lolembedwa 91 limasenza makilogalamu 615 okha, ndipo tawerengera kale zimene tayala lakumbuyo limanyamula. Olembedwa STUDLESS anapangidwira misewu ya chipale chofewa ku Japan, mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lathu lotentha amatha msanga komanso sagwira bwino pamvula.

Sipeya nayo ilowe mu ulendowu kamodzi pa sabata. Pa HiAce imakhala kunsi kumbuyo, kumene imamwa matope chaka chonse, ndipo ambiri amaikumbukira ali m'tchire usiku, n'kuipeza yaphwa kapena chomangira chake chagwirana ndi dzimbiri. Jeke ndi sipanala ya manati zikhale m'galimoto, osati kwa mnzanu amene anabwereka dzana.

Pamapeto pa zonsezi padzaimirira munthu n'kunena chimene onse akuganiza: bwana, zonsezi tamva, koma galimoto si yanga. Ndikakanena za tayala, abwana amati liyendebe mwezi uno, ndipo ndikakana kuyenda, mawa makiyi ali ndi wina. Wolankhula amene alibe yankho pa mawu amenewa wangotaya nthawi ya anthu, ndipo kuwayankha ndi ulaliki wa moyo wa okwera sikuthandiza, poti iwo akudziwa kale, ndipo amene amakhala kutsogolo kwenikweni ndi iwowo.

Yankho loona lili pawiri. Mbali yoyamba ndi yoti zambiri mwa zimene ulendowu umapeza sizifuna chilolezo cha mwini galimoto. Kupopa mpweya, kusintha kamtima ka valavu, kumata bowo la msomali, kumanga manati, zonsezi zimatheka ndi ndalama yochepa ya tsikulo, ndipo ndi zomwezi zimene zimachititsa kuti tayala lifike pa ukalamba wake m'malo mofera panjira. Mpweya wokwanira umachepetsanso mafuta, amene pa dongosolo la tageti amatuluka m'thumba la dalaivala. Mbali yachiwiri ndi ya zinthu zimene zimafunadi ndalama ya abwana. Apa kuyang'ana tsiku ndi tsiku kumasintha kakambidwe. Dalaivala amene amaimba foni kuti tayala latha, tigule lero, amakumana ndi mkwiyo chifukwa wabwera modzidzimutsa. Amene anatumiza chithunzi milungu itatu yapitayo chosonyeza kuti mizere yayandikira kamlatho, n'kutumizanso china sabata yatha, wapatsa mwini galimoto nthawi yosunga ndalama, ndipo wasunganso umboni wa tsiku limene wina adzafunse kuti analakwa ndani.

Ngati ndalama yapezeka ya matayala awiri okha, pamabuka funso la kumene apite. Chizolowezi cha ambiri ndi kuika atsopano kutsogolo, poti ndi kumene kuli chiwongolero, akale n'kupita kumbuyo. Opanga matayala amalangiza zosiyana, kuti abwino kwambiri akhale kumbuyo. Kutsogolo kukaterereka, dalaivala amamva m'manja ndipo ali ndi chiwongolero chobwezera. Kumbuyo kukaterereka kapena tayala lake likaphulika, thako la galimoto limatembenuka, ndipo minibasi yodzaza, imene ndi yaitali msinkhu, ikayenda chammbali imagubuduka mosavuta. Izi sizikutanthauza kuti kutsogolo kupite zotha. Zikutanthauza kuti kumbuyo si kotayira matayala amene atopa. Awiri a pa ekiselo imodzi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, ndi kutha kofanana.

Chotsala ndi choti siteji yokha igwirizane, chifukwa dalaivala mmodzi sangalimbane ndi abwana ake payekha. Masiteji ali kale ndi malamulo awo, a mzere, a ndalama ya oitanira, a chilango kwa wolanda anthu a mnzake, ndipo amatsatidwa chifukwa wophwanya salowa pamzere. Palibe chovuta kuwonjezerapo lamulo lalifupi la zinthu zitatu zosakambirana: chotupa, waya woonekera, ndi sitadi yoduka. Galimoto yopezeka ndi chimodzi mwa izi isakweze mpaka itakonzedwa, koma malo ake pamzere asungidwe kuti ikabwera kuchokera kwa omata matayala isayambirenso kumapeto. Mwini galimoto akaimba foni kufunsa chifukwa chake galimoto yaima, amene ayankhe akhale wapampando, osati dalaivala.